Mojulo yotambalala, foni yaing'ono: idulireni pakati kaye

*Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Mtendere ndipo ndikuchita maphunziro a patali. Mojulo yomwe anatitumizira pa gulu la WhatsApp ndi PDF ya mapepala 60, pepala lililonse ndi logona ndipo lili ndi masamba awiri a buku moyandikana. Pa foni yanga zilembo zimaoneka ngati nyerere, ndikakulitsa ndimangokhalira kukankhira uku ndi uko mpaka mutu kuwawa. Ndinayesa batani la Liquid Mode la mu pulogalamu ya Adobe yowerengera PDF koma linakana. Kodi pali njira yoti mawuwo atsike m'danga limodzi ngati uthenga wa pa foni?*

Aphunzitsi, njira ilipo, ndipo mapulogalamu ake ndi aulere. Koma musanatsitse chilichonse, tsegulani mojuloyo, ikani chala pa liwu limodzi ndipo muchigwire pamenepo kwa kamphindi. Ngati liwulo lasintha mtundu, n'kutuluka timizere tiwiri tokokera uku ndi uku, ndiye kuti m'fayilomo muli zilembo zenizeni. Ngati palibe chachitika, ndiye kuti zomwe mukuwerengazo ndi chithunzi cha pepala basi. Masamba awiri oyandikana pa pepala logona pafupifupi nthawi zonse amatanthauza kuti wina anatambasula buku pa galasi la makina a fotokope n'kulijambula, choncho ndikukhulupirira kuti yanuyo ndi chithunzi. N'chifukwa chake batani lija linakana. Ilo limagwira ntchito posolola zilembo m'fayilo n'kuziyalanso mwatsopano, ndiye ngati zilembozo mulibe, lilibe chosolola.

PDF sinapangidwe kuti izipindika. Kampani ya Adobe itaitulutsa mu 1993, cholinga chinali choti pepala lizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse ndi pa makina osindikizira alionse. M'kati mwake simunalembedwe kuti apa ndi ndime, apa ndi mutu. Munalembedwa kuti chilembo ichi chikhale mtunda wakuti kuchokera kumanzere ndi mtunda wakuti kuchokera pansi. Uthenga wa pa WhatsApp umatsika bwino pa foni iliyonse chifukwa ndi chingwe cha mawu chomwe foni imadula pomwe sikirini yathera. PDF ndi njerwa zomangidwa kale ndi simenti. Aliyense wofuna kuyisandutsa danga limodzi ayenera kugumula khomalo n'kulimanganso, ndipo polimanganso amachita kungoganizira kuti njerwa iti inali pambuyo pa iti.

Tiyeni tiwerengere pang'ono kuti muone chifukwa chake maso akukuwawani. Foni zambiri zotsika mtengo zomwe zimagulitsidwa mu tauni zili ndi sikirini ya mainchi pafupifupi 6.5 kuyeza mopingasa, yokhala ndi mapikiselo 720 m'lifupi ndi 1600 m'litali. Sikirini yotere m'lifupi mwake ndi mamilimita 68 okha. Pepala la A4 likagona limatambalala mamilimita 297. Kuti lonse likwane, foni imalichepetsa mpaka kuposa kanayi, ndipo chilembo chomwe pa pepala chinali cha saizi 11 chimasanduka cha saizi 2.5. Palibe magalasi omwe angakuthandizeni pamenepo. Koma taonani china: pa mamilimita 297 aja, tsamba limodzi la buku ndi theka lake, 148, ndipo mukachotsa m'mbali mopanda kanthu, mawu enieniwo amatenga mamilimita pafupifupi 115. Foni yomweyo mukaigoneka, sikirini yake ndi mamilimita 150. Ndiye kuti tsamba limodzi, lopanda mnzake, limakwana bwinobwino pa foni yogona, zilembo zili zazikulu kuposa za m'bukumo.

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Vuto lanu lalikulu si lakuti mawu sakutsika m'danga limodzi, koma kuti masamba awiri amangiriridwa pamodzi. Alekanitseni kaye. Zina zonse zimabwera pambuyo, ndipo zimayenda bwino kwambiri kulekanitsako kukachitika.

Ntchitoyi imafuna kompyuta kamodzi kokha. Ngati pa sukulu panu pali laputopu, kapena muli ndi mnzanu pa malo otaipira ndi kusindikiza, mphindi makumi awiri zikwana. Pulogalamu yoyamba ndi `mutool`, yomwe imabwera pamodzi ndi MuPDF, pulogalamu yaulere yotsegulira PDF. Ikani mojuloyo m'foda imodzi ndi pulogalamuyo, ipatseni dzina lalifupi lopanda mipata, tinene `mojulo.pdf`, kenako tsegulani windo lakuda lolemberapo malamulo, lomwe pa Windows limatchedwa Command Prompt, mulowe nalo m'foda yomweyo, n'kulemba izi:

```
mutool poster -x 2 mojulo.pdf yodula.pdf
```

Lamuloli linapangidwira anthu ofuna kusindikiza chikwangwani chachikulu pa mapepala ang'onoang'ono, koma kwa ife `-x 2` ikutanthauza kuti pepala lililonse lidulidwe pakati, mbali yakumanzere ikhale tsamba loyamba, yakumanja lachiwiri. Mapepala 60 asanduka masamba 120. Mojulo yanu yoyamba ija sikhudzidwa. Tsegulani `yodula.pdf` muyang'ane masamba angapo koyambirira, pakati ndi kumapeto. Chomwe mukufufuza ndi chimodzi: kodi mpeniwo wadutsa pa msana wa buku, kapena wadya zilembo? Pulogalamuyi imadula pakati penipeni pa pepala, sidziwa kuti msana uli pati. Ngati wojambula uja ankaika buku chokhotera mbali imodzi, mudzaona zilembo zomaliza za mzere uliwonse zili pa tsamba lotsatira. Zikakhala pa masamba awiri kapena atatu, ingowadziwani, mudzawawerenga mu fayilo yoyamba. Zikakhala paliponse, njira yodulayi siikuyenerani, ndipo ndifotokoza m'munsimu chochita. Chinanso chomwe chimachitika: pepala lomwe linajambulidwa choimirira kenako n'kutembenuzidwa pa kompyuta nthawi zina limadulika cham'mimba, pamwamba padera pansi padera. Mukaona zimenezo sinthani `-x 2` ikhale `-y 2`.

Anthu ambiri omwe ndawathandiza amalekera pomwepa. Fayilo yodulayo, pa foni yogona, imawerengeka mongotsitsa ndi chala, popanda kukankhira kumbali. Koma inu mwanena kuti mukufuna danga limodzi ngati uthenga, ndipo ndikumvetsa. M'minibasi yopita ku Kulima Tower m'mawa, dzanja limodzi lagwira chikwama, mwapanikizika anayi pa mpando, foni yogona siigwirika. Pamafunika foni yoimirira m'dzanja limodzi, chala chachikulu chikutsitsa.

Pulogalamu yachiwiri ndi `k2pdfopt`. Inalembedwera anthu owerenga pa Kindle, kachipangizo kowerengera mabuku, koma sisankha, mumangoiuza kukula kwa sikirini yanu. Ilipo ya Windows, ya Mac ndi ya Linux. Chomwe ndimaikondera n'chakuti siyesa n'komwe kuwerenga mawuwo. Imayang'ana tsamba ngati chithunzi, n'kufufuza mipata yoyera: mpata wautali wotsika ndiwo malire a madanga, mpata wopingasa ndiwo malire a mizere, timipata ting'onoting'ono ndito malire a mawu. Ikatero imadula liwu lililonse ngati kachithunzi, n'kuyala tizithunzito m'mizere yaifupi yokwana sikirini yanu. Zili ngati mwana wa giredi 2 wodula mawu m'nyuzipepala ndi lumo n'kuwamata m'kope. Ubwino wake, chilembo chilichonse chimatuluka momwe chinalili, kaya ndi ŵ wa kadenga, kaya ndi masamu, kaya ndi zomwe mphunzitsi wanu analemba ndi cholembera. Palibe chomwe chimalembedwanso molakwika chifukwa palibe chomwe chikulembedwanso.

Musayambe ndi masamba onse 120. Sankhani anayi, makamaka omwe ali ndi ndime wamba, mutu ndi tebulo limodzi, muyesere pamenepo, manambala a masambawo muwaike pa `-p`:

```
k2pdfopt -ui- -x -w 720 -h 1400 -dpi 270 -col 1 -ml 0.3 -mr 0.3 -as -p 21-24 -o yeso.pdf yodula.pdf
```

Manambalawa sindinawalote. `-w 720` ndi m'lifupi mwa sikirini yanu m'mapikiselo. `-h 1400` ndi m'litali mwake, ndachotsa 200 pa 1600 chifukwa pamwamba pamakhala wotchi ndi batire, pansi mabatani. `-dpi 270` ndi kuchuluka kwa mapikiselo pa inchi imodzi ya sikirini yotereyi, ndipo mukaika nambala yoona, zilembo zimatuluka pa foni zofanana kukula ndi za m'buku lenileni. Nambala imeneyi ndiyo chiwongolero chanu. Mukaona kuti zachepa, ikwezeni ifike 320, zilembo zikula ndipo mawu pa mzere achepa. Mukaipitiriza kwambiri, mufika poti mzere uli ndi mawu awiri kapena atatu okha, ndipo kuwerenga kumasanduka kudumphadumpha. Ine ndimalekera pomwe mzere ukutenga mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati foni yanu ndi ya mapikiselo 1080 m'lifupi, musavutike kusintha. Fayilo ya 720 iwerengeka ndithu, ndipo ikhala yopepuka.

`-col 1` ikuuza pulogalamuyo kuti isafunefune danga lachiwiri, popeza tadula kale. Mukaisiya kuti iganize yokha, nthawi zina imaona mpata pakati pa mndandanda wa mawu n'kuyesa kuti ndi madanga awiri. `-as` imawongola tsamba lopendekeka pang'ono. Izi n'zofunika kwambiri pa fotokope, chifukwa mzere ukapendekeka, mchira wake umalowa m'mpata wa mzere wapansi, pulogalamuyo n'kulephera kupeza poyera podula, ndiye imatenga mizere itatu ngati chithunzi chimodzi n'kuichepetsa. Mukaona ndime ina yatuluka ndi zilembo zazing'ono pakati pa zinzake zazikulu, chifukwa chake nthawi zambiri ndi chimenechi.

Koma mdani wamkulu ndi mthunzi wa pamsana. Buku lokhuthala silikhala phwatalala pa galasi, choncho pakati pamatuluka mzere wakuda wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Titadula pepala, mthunziwo uli kumanja kwa masamba ena ndi kumanzere kwa ena. Kwa pulogalamu yofufuza mipata yoyera, mzere wakuda wotsika ndi tsoka, chifukwa palibe mzere wopingasa ndi umodzi womwe womwe uli woyera kuchokera mbali ina kufika ina. Imaganiza kuti tsamba lonse ndi chithunzi chimodzi, n'kungolichepetsa lonse. `-ml 0.3` ndi `-mr 0.3` zikunena kuti inyalanyaze gawo la inchi, pafupifupi mamilimita 8, kumanzere ndi kumanja. Tsamba likatulukabe lathunthu losadulidwa, mthunzi wanu ndi wotambalala kuposa pamenepo, kwezani ifike 0.5. Mukaona chilembo choyamba cha mizere chikusowa, mwapitirira, bwererani. Ine ndinatayapo madzulo athunthu pa buku la nyimbo za kwaya yathu, ndikusintha manambala ena onse, osadziwa kuti vuto linali kamzere kakuda komwe maso anga anali atakazolowera moti sindinkakaonanso.

Ngati mpeni uja unadya zilembo paliponse, bwererani ku `mojulo.pdf` yosadula ndipo m'malo mwa `-col 1` ikani `-col 2`, kuti pulogalamuyo ifufuze yokha pomwe pali malire pa pepala lililonse. Onjezaninso `-fc-`, apo ayi idzangofinya tsamba lililonse kuti likwane m'lifupi mwa sikirini m'malo modula mizere. Njirayi imayenda pomwe msana watuluka woyera. Pomwe pali mthunzi wakuda imapunthwa, ndipo zikatero ndi bwino kupempha amene ali ndi bukulo alijambulenso tsamba limodzilimodzi.

Mwina mwaona kuti sindinadule pamwamba ndi pansi, ngakhale zilipo `-mt` ndi `-mb` zochitira zimenezo. Ndasiya dala. Ambiri amachotsa mutu wobwerezabwereza ndi nambala ya tsamba kuti mawu ayende osadukiza, ndipo pa buku la nthano ndimachita chimodzimodzi. Pa mojulo ayi. Masamba 120 aja akayalidwa pa sikirini yaing'ono atuluka pafupifupi 300, chifukwa tsamba limodzi la buku limadzaza sikirini kawiri ndi theka. Aphunzitsi anu akadzalemba pa gulu kuti asainimenti ili pa tsamba 47, nambala yomwe foni ikuonetsa sidzagwirizana ndi yawo. Chokupulumutsani ndi kanambala kakale kaja kotulukira pakati pa ndime. Kamanyansa, koma kasiyeni.

Masamba anayi aja akakukhutiritsani, ndipo muwaonere pa foni yeniyeniyo osati pa laputopu, chotsani `-p 21-24`, sinthani dzina la fayilo yotuluka, muisiye igwire ntchito. Imatenga mphindi zingapo, choncho musayambe batire ya laputopu ili pafupi kutha pa tsiku lomwe malaiti apita. Ya Windows ili ndi windo la mabatani kwa omwe sakonda kulemba malamulo, ndipo zilembo zomwezi mutha kuziika m'bokosi lolembedwa `Additional options`. Fayilo yotulukayo imakhala yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera ndi yotuwa. Ngati muli mapu kapena zojambula zomwe mtundu uli ndi tanthauzo, onjezani `-c`, koma dziwani kuti ilemera, ndipo anzanu a pa gulu adzakudandaulirani za bandulo.

Tsopano matebulo. Apa ndinene mosabisa: palibe pulogalamu yomwe ingasandutse tebulo la madanga asanu ndi limodzi kukhala danga limodzi tanthauzo lake osawonongeka. Tebulo limawerengedwa mbali ziwiri nthawi imodzi, chopingasa ndi chotsika, ndiye danga limodzi lili ndi mbali imodzi yokha. Tebulo lokhala ndi mizere yojambulidwa, `k2pdfopt` imaliona ngati chithunzi n'kulichepetsa lonse. Zimenezo n'zabwino, mutha kulikulitsa ndi zala. Loopsa ndi lopanda mizere, lomwe madanga ake amangolekanitsidwa ndi mipata. Limenelo imaliyesa ndime wamba, n'kudula mzere uliwonse pomwe sikirini yathera, nambala ya danga lachisanu n'kugwera pansi pa danga loyamba. Palibe chenjezo lililonse, manambala onse alipo, koma akhala pansi pa mitu yolakwika. Munthu wowerengera mayeso atha kuloweza zabodza osadziwa. Masamu aatali odzaza mzere wonse nawonso amadukira posayenera, ndakatulo imataya mizere yake, ndipo mawu a m'munsi mwa tsamba amatulukira pakati pa chiganizo chomwe chikupitirira tsamba lotsatira. N'chifukwa chake ndikuti musafufute `yodula.pdf`. Khalani ndi mafayilo awiri pa foni. Ya danga limodzi ndi yowerengera pa msewu. Mukafika pa manambala ooneka osokonekera, onani kanambala ka tsamba kaja, tsegulani yodulayo, gonekani foni.

Nanga ngati kompyuta palibiretu? Pa foni za Android pali KOReader, yaulere, yomwe m'kati mwake muli injini yomweyi ya `k2pdfopt`. Imapezeka pa F-Droid, malo otsitsira mapulogalamu aulere a Android, ndi pa tsamba lake la GitHub. Mukatsegula PDF, khudzani cham'munsi mwa sikirini, pabwera timabatani. Pa `Page Crop` mutha kujambula nokha malire a gawo lomwe mukufuna, kusiya mthunzi ndi zinyalala za m'mbali kunja. Kenako yatsani `Reflow`, n'kusankha kukula kwa zilembo. Imachita zonsezi tsamba lililonse mukamalitsegula, popanda intaneti, choncho pa foni yofooka pamakhala kudikira pang'ono potembenuza tsamba, ndipo batire imatha msangako. Pa pepala la masamba awiri muiuze pa `Document Columns` kuti madanga ndi awiri. Mthunzi wa pakati udzaivutabe monga ndafotokozera, chifukwa malire ojambula aja amadula m'mbali, sadula pakati. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukafika pa tebulo mumangozimitsa `Reflow` n'kuona tsamba momwe lilili. Maonekedwe ake ndi achikale ndipo tsiku loyamba mudzasochera m'mabatani, koma sabata ikatha mudzazolowera.

Wina adzakuuzani kuti ingoitsegulani mu Word, kapena muisandutse EPUB, fayilo ya buku yomwe mawu ake amatsika molingana ndi sikirini, ndi pulogalamu ya Calibre, kapena muikweze pa tsamba la intaneti losandutsa mafayilo. Pa PDF ya zilembo zenizeni ya danga limodzi, monga kalata ya ku ofesi kapena lipoti lotaipidwa, malangizo amenewo ndi abwino, ndipo EPUB imaposa zonse zomwe ndafotokozazi chifukwa mumasintha kukula kwa zilembo nthawi iliyonse ndipo fayilo ndi yopepuka. Pa chithunzi ngati chanu, Calibre ingokubwezerani zithunzi zomwezo m'chikuto china. Kuti mawu atuluke pamafunika pulogalamu yozindikira zilembo m'chithunzi, ndipo pa fotokope yotuwa imasokoneza `rn` ndi `m`, `1` ndi `l`, `0` ndi `O`. Pa Chingelezi imayesetsa chifukwa ili ndi mawu oyerekezera. Pa Chinyanja imaphonya kwambiri, ng' amataya kachizindikiro kake, ŵ amasanduka china. Ndipo pokweza fayilo yolemera pa tsamba la intaneti, bandulo imapita kawiri, pokweza ndi potsitsa.

Pali mtundu wachitatu womwe umapusitsa anthu, ndiutchule chifukwa mojulo yotsatira itha kubwera yotero. Ndi chithunzi chomwe kuseri kwake kwabisidwa zilembo zozindikiridwa ndi makina. Mukagwira liwu limasintha mtundu, inu n'kumati zilembo ndi zenizeni. Kulitsani kwambiri: zilembo zenizeni zimakhalabe zakuthwa m'mphepete ngakhale zikule bwanji, za chithunzi zimachita mbuu. Ndipo pa fayilo iliyonse ya madanga awiri, musanaikhulupirire pulogalamu yosolola mawu, koperani ndime imodzi yonse muimate mu uthenga wodzitumizira nokha pa WhatsApp. Ikatuluka yomveka, njira ya EPUB kapena ya Liquid Mode itha kuyenda. Ikatuluka mzere wa kumanzere wolumikizana ndi mzere wa kumanja, ngati anthu awiri olankhula nthawi imodzi, ndiye kuti mawu m'fayilomo sanasanjidwe momwe amawerengedwera, ndipo muitenge ngati chithunzi.

Pomaliza, funsani pa gulu lanulo ngati pali amene ali ndi mojuloyo mu Word, kapena PDF yochokera pa kompyuta osati pa galasi la fotokope. Mamojulo ambiri anataipidwa ndi munthu, ndipo fayilo yake ili penapake. Ikapezeka ya Word, sinthani kukula kwa pepala kukhale mamilimita 90 m'lifupi ndi 160 m'litali, m'mbali musiye mamilimita 5, zilembo saizi 11, danga limodzi, kenako muisunge ngati PDF. Matebulo otambalala muwayang'ane limodzilimodzi musanatumize kwa anzanu, chifukwa ena adzasefukira kunja kwa pepala ndipo afunika kuwaika pa tsamba lawolawo logona.